Mafunso ndi mayankho: kalata yofunsira ntchito, kuimasulira, ndi kuikonzanso kuti ipite kwa bwana wina

Ambiri mwa ife timaganiza m'Chichewa koma ntchito timafunsira m'Chingerezi, ndipo makalata ochuluka amawonongekera pamenepo. Munthu ntchito akuidziwa bwinobwino, koma kalata yake ikafika pa tebulo la bwana imamveka ngati ya wopempha chithandizo. Mayankho ali m'munsiwa akutsata chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze mtsikana wa ku Mchinji amene ali ndi MSCE, ndipo wagwira zaka 3 m'sitolo yogulitsa zipangizo zaulimi, akulandira katundu ndi kulemba makhadi a sitoko. Akufuna ntchito ya ukalaliki wosunga katundu ku khonsolo, kenako akufuna kuyesanso ku bungwe lomwe si la boma.

Ndatumiza kale CV. Nanga kalata ndi yachiyaninso?

CV ndi mndandanda wa zonse: kumene munaphunzira, kumene munagwira, zaka zake. Kalata imatola zinthu ziwiri kapena zitatu pa mndandandawo n'kuonetsa bwana kuti zikugwirizana bwanji ndi ntchito imene walengeza. Mukangobwereza CV yonse m'ziganizo ndiye kuti mwamuwerengetsa chinthu chimodzi kawiri. Tsamba limodzi likwana, ndime zitatu kapena zinayi.

Ndiyambire pati?

Yambirani pa chilengezo cha ntchitoyo, osati pa mbiri yanu. Kaya mwachiona mu The Nation, mu The Daily Times, kaya wina wakutumizirani pa WhatsApp, chiwerengeni cholembera chili m'manja. Dulani mzere kunsi kwa chilichonse chimene akuti munthuyo azikachita, ndi chilichonse chimene akuti akhale nacho.

Tinene kuti khonsolo yalemba kuti ikufuna munthu wolandira ndi kutulutsa katundu, wosunga mabuku ake, wowerenga katundu mwezi ndi mwezi, amene ali ndi MSCE ndipo wagwirapo ntchito yotere zaka 2. Mtsikana uja atenge pepala, aligawe pakati. Kumanzere alembe zofuna za khonsolo. Kumanja, moyang'anizana ndi chilichonse, alembe chimene iye anachitadi ndi manja ake. Pa "kulandira katundu" alembe kuti lole ikafika ankawerenga matumba asanasaine. Pa "kuwerenga katundu" alembe kuti ankawerenga Lachisanu lililonse. Pamene kumanja kwasowa cholemba, asapeke ayi. Pamene kwadzaza kwambiri, pamenepo ndi pamene pali mtima wa kalata.

Kodi n'kulakwa kuyamba kuilemba m'Chichewa?

Ayi, ndipo kwa ambiri ndi njira yabwino koposa. Munthu akayamba ndi Chingerezi chimene sachimasukira amathamangira ziganizo zoloweza, zija aliyense amalemba, ndipo zimene amadziwa zenizeni zimatsala m'mutu. M'Chichewa amakumbukira zambiri ndipo amazifotokoza momveka.

Koma Chichewa chili ndi msampha wake. Tikamalankhula ndi munthu wamkulu timadzichepetsa, ndiye kalata yoyamba kawirikawiri imatuluka chonchi:

> Bwana, ndabwera pamaso panu modzichepetsa kupempha kuti mundiganizireko ntchito ina iliyonse. Ndikusamala abale anga anayi, ndine wolimbikira ndiponso woopa Mulungu. Mukandithandiza, Ambuye akudalitseni.

Palibe bodza m'mawu amenewa, ndipo ulemu wake ndi weniweni. Vuto ndi lakuti kalatayi ikunena zimene wolembayo akusowa, pamene khonsolo ikufuna kudziwa ngati simenti ndi mapepala ake zidzakhala m'manja odalirika. Tsono atenge pepala logawa pakati lija alembenso:

> Ndikufunsira ntchito ya ukalaliki wosunga katundu imene munalengeza mu The Nation. Ndili ndi satifiketi ya MSCE, ndipo kuyambira mu 2021 mpaka mu 2024 ndinkasunga katundu m'sitolo yogulitsa zipangizo zaulimi ku Mchinji.
>
> Katundu akafika ndinkamuwerenga n'kufananitsa ndi chikalata chobwera naye ndisanasaine. Mvula ikamayandikira tinkalandira matumba a feteleza oposa 600 pa sabata, ndipo Lachisanu lililonse ndinkawerenga otsala n'kufananitsa ndi makhadi a sitoko. Nditaona kuti mbewu ya chimanga imasokonekera chifukwa mitundu yosiyana inkalembedwa pa khadi limodzi, ndinapatsa mtundu uliwonse khadi lakelake, ndipo mabuku anayamba kugwirizana ndi katundu wa m'sitolo.
>
> Ndaphatikiza CV yanga ndi makope a masatifiketi. Ndine wokonzeka kubwera ku intavyu tsiku limene mungandiitane.

Taonani, sananene paliponse kuti ndi wokhulupirika kapena wolimbikira. Bwana waona yekha pa nkhani ya makhadi ija. Kalata yachiwiriyi ndi imene iyenera kumasuliridwa, osati yoyamba.

Bwanji osangomasulira liwu ndi liwu, poti ndi zimene ndikufuna kunena?

Chifukwa ulemu wa Chichewa ndi ulemu wa Chingerezi sukhala malo amodzi. Ife ulemu timauika m'kati mwa mawu enieniwo. Timati "inu" kwa munthu mmodzi, timati "a bwana anena", timawonjezera "-ko" kuti pempho lifewe: "mundiganizireko", "mundithandizeko". Tizidutswa timeneti ndi tating'ono, sitilemetsa chiganizo. Chingerezi chilibe zotere, ndiye womasulira akafuna kusunga ulemuwo amaunjika mawu athunthu odzichepetsa, mpaka kalata imayamba ndi `I humbly beg to apply`. Chimene m'Chichewa chinali kufewetsa pempho, m'Chingerezi chasanduka kugwada.

M'kalata yantchito ya Chingerezi ulemu umaonekera kwina: mwalemba bwino udindo wa amene mukumulembera, mwatchula ntchitoyo monga momwe iwo anaitchulira, simunawatayitse nthawi, ndipo mwatsatira zimene anapempha. Choncho pomasulira dzifunseni kuti chiganizo ichi chikugwira ntchito yanji. Choyamba cha kalata yachiwiri ija ntchito yake ndi kutchula udindo ndi kumene munauona, basi. M'Chingerezi chingokhala chonchi:

```
I am applying for the post of Stores Clerk advertised in The Nation.
```

Muwonjezere tsiku la nyuzipepalayo, ndi nambala ya chilengezo ngati ilipo. Chinanso, Chichewa chimakonda kulumikiza zochitika m'chiganizo chimodzi chachitali ndi "n'ku-" ndi "ndipo", ndipo chimamveka bwino. M'Chingerezi dulani chiganizo choterocho pawiri kapena patatu, chilichonse chinyamule mfundo imodzi.

Ndi mawu ati amene amakonda kusokonekera pomasulira?

Oyamba ndi a nthawi. Liwu loti "ndimagwira" likalembedwa limatha kutanthauza ziwiri: kuti mukugwirabe mpaka pano, kapena kuti munkagwira kale. Poyankhula timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu, koma papepala kakwezedweko sikaoneka. Womasulira akasankha molakwa, kalata inena kuti mtsikana uja akadali m'sitolo pamene CV ikuti anasiya mu 2024, ndipo bwana wofananitsa mapepala awiriwo ayamba kukayika. N'chifukwa chake m'chitsanzo chija muli "ndinkasunga" ndi "ndinkawerenga", amene sasokoneza, komanso muli zaka.

Achiwiri ndi mawu otakata monga "kuyang'anira" ndi "kusunga". Kuyang'anira sitolo kungakhale kukhala manijala wake, kungakhalenso kungotsala nayo eni ake akachoka. Chingerezi chimafuna musankhe. Liwu lalikulu limakopa, koma mukalemba kuti munali manijala, ku intavyu adzakufunsani kuti munali ndi antchito angati ndipo ndalama zogulira katundu munkazikonza bwanji. Sankhani liwu limene mungaliyankhire mafunso atatu otsatizana osachita chibwibwi.

Palinso zimene sizimasuliridwa n'komwe. Dzina la satifiketi, dzina la sukulu, la kampani, ndi udindo umene unalembedwa pa kalata yanu yolembedwera ntchito, zonsezi zikhale monga zilili pa mapepala. Dzina la ntchito imene mukufunsira mulikopere pa chilengezo, chilembo ndi chilembo, chifukwa wosankha makalata nthawi zina amakhala ndi maudindo angapo olengezedwa tsiku limodzi, ndipo amaunjika makalata potsata dzinalo.

Nanga ndingomasulira pa foni?

Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014, ndipo imathandiza kukumbutsa liwu limene lakuthawani. Koma zimene yatulutsa muzitenge ngati zoyambira chabe. Imapunthwa pomwe tatchula paja: "ndimagwira" imangosankhapo nthawi imodzi, ndipo poti "iye" ndi "anandiphunzitsa" sizisonyeza ngati ndi bambo kapena mayi, itha kusandutsa abwana anu akale aakazi kukhala aamuna. "A" waulemu itha kumutenga ngati anthu ambiri. Muziipatsa ziganizo zazifupi, chimodzichimodzi, ndipo musatumize chiganizo chimene inuyo simukuchimvetsa.

Ndidziwa bwanji kuti kumasulirako kwayenda bwino?

Pezani munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri amene sanaone kalata ya Chichewa ija. Mupatseni ya Chingerezi yokha, awerenge, kenako akuuzeni m'Chichewa zimene wamva. Musamuthandize. Akanena kuti "ukuti unali mkulu wa sitolo", pamene inu mumati munkalemba makhadi, mwapeza pamene palakwika. Akanena kuti "zikumveka ngati ukudandaula", ndiye kuti kugwada kuja kwatsalira penapake.

Mukatero ikani kalata, CV ndi masatifiketi pamodzi, muone manambala okhaokha: zaka, 600 uja, nambala ya foni. Pomaliza iwerengeni mokweza. Liwu limene lilime lanu likukana kulitchula lichotseni, muike losavuta, chifukwa amene adzakufunseni mafunso adzayembekezera kumva munthu yemwe uja analemba kalata.

Malonje ndi mawu otsekera ndilembe ati?

Ngati dzina la wolandira simukulidziwa, yambani ndi `Dear Sir/Madam` n'kutseka ndi `Yours faithfully`. Ngati mwamutchula dzina, tsekani ndi `Yours sincerely`. "Wokondedwa Bwana" ndi "Ine wanu" zimene tinaphunzira ku sukulu n'za kalata ya Chichewa, musazitembenuze liwu ndi liwu. Keyala ya wolandira muikopere pa chilengezo, kuphatikizapo udindo wake, ndipo pansi pa malonje pakhale mutu wa kalata wotchula ntchitoyo.

Tsopano ndikufuna kutumiza ku bungwe lomwe si la boma. Ndingosintha keyala?

Apa ndi pamene ndimafuna anthu adekhe, chifukwa ambiri amangosintha keyala ndi mutu, ena amangosinthako mawu awiri atatu kuti imveke yamakono. Kamvekedwe ka kalata sikachokera pa mawu okometsera. Kamachokera pa zimene mwasankha kuika patsogolo. Nkhani ya maliro mukauza amfumu ndi mukauza mnzanu wa ku mpingo imakhala imodzi, tsiku ndi malo sizisintha, koma poyambira ndi pogogomeza pamasiyana.

Zosasintha ndi izi: MSCE, zaka za 2021 mpaka 2024, sitolo ya ku Mchinji, matumba 600, nkhani ya makhadi. Zikasintha zimenezi ndiye kuti mwayamba kunama.

Khonsolo ndi ofesi ya ndondomeko. Wowerenga kalata kumeneko ali ndi mndandanda wa zoyenereza ndipo akuchonga: satifiketi ilipo, zaka zakwana, makope aphatikizidwa. N'chifukwa chake kalata ya kukhonsolo inayamba ndi MSCE ndi zaka, inagogomeza kusaina, kufananitsa ndi kusunga mabuku, ndipo sinalowetse za mumtima.

Tsono tiyerekeze kuti bungwe lija limagawa mbewu kwa alimi m'midzi, ndipo chilengezo chake chikuti likufuna munthu wosunga katundu amene angathe kugwira ntchito ndi anthu akumudzi, kupirira nthawi ya chipwirikiti, ndi kulemba malipoti pa kompyuta. Mtsikana uja abwererenso ku pepala logawa pakati, chifukwa kumanzere kwasintha. Zinthu zimene kukhonsolo zinalibe malo tsopano zakhala zofunika: kuti mu Novembala pakhomo pa sitolo pankadzaza alimi kuyambira m'mawa, kuti ankawafotokozera kusiyana kwa mbewu yocha msanga ndi yochedwa, kuti sitoko ya mwezi ankailemba mu Excel. Ndime yake yoyamba itha kukhala yotere:

> Kwa zaka 3 ndinkalandira, kusunga ndi kutulutsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya zaulimi ku Mchinji, ndikukumana ndi alimi tsiku ndi tsiku. Ndikufunsira udindo wosunga katundu umene mwalengeza chifukwa ntchito yanu yofikitsa mbewu kwa alimi mvula isanagwe ndi imene ndikuidziwa, ndipo ndaona ndi maso anga chimene chimachitika mbewu ikachedwa kapena ikasokonekera.

MSCE yatsikira ku ndime yomaliza, sinachoke. Nkhani ya makhadi yatsala, koma tsopano aimalize ndi phindu lake kwa anthu: mlimi ankalandira mtundu weniweni umene wapempha. Kukhonsolo nkhani yomweyo inathera pa mabuku ogwirizana. Mawu akuti "ndaona ndi maso anga" kubungwe akukwana, pamene kukhonsolo akanaoneka achilendo.

Chenjezo limodzi. Chiganizo chonena chifukwa chimene mwasankhira bungwelo chichokere pa ntchito imene likugwiradi, imene mwaiwerenga pa chilengezo kapena mwaiona m'dera lanu. Kuwatamanda kuti ndi bungwe lotchuka lotukula miyoyo ya anthu sikuthandiza, chifukwa mawu amenewo angapite ku bungwe lina lililonse, ndipo owerenga amadziwa.

Ndisinthe ya Chingerezi ija, kapena ndibwerere ku ya Chichewa?

Ngati zosintha ndi zazing'ono, monga kuchoka ku khonsolo ina kupita ku inzake, sinthani ya Chingerezi. Koma ngati mtundu wa olemba ntchito wasintha, bwererani ku pepala la mfundo, mulembe ndime yatsopano m'Chichewa, kenako mumasulire. Mukamangosoka zigamba pa ya Chingerezi, kalata imatuluka ndi mawu a anthu awiri: ndime yoyamba yomasuka, yachiwiri youma ngati chikalata cha boma.

Nanga kwa mwini golosale yaikulu kapena sitolo ya banja?

Kumeneko wowerenga ndi mwini ndalama, ndipo mwina awerengera pa foni ali pakati pa makasitomala. Funso lake ndi limodzi: katundu wanga asowa kapena ayi? Ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zikwana. Nenani kuti ndinu ndani, munagwira kuti, munkawerenga katundu kangati, ndani angakuchitireni umboni, ndipo mungayambe liti. Ngati chilengezo chinali m'Chichewa, kapena mukudziwa kuti eni ake ntchito amayendetsa m'Chichewa, lembani m'Chichewa momwemo. Apa "inu" ndi "-ko" abwerere m'malo mwake: "Ndimati ndifunseko ngati malo aja akadalipo" ndi ulemu woyenera, si kugwada. Koma ngakhale pa WhatsApp, perekani moni wathunthu, tchulani dzina lanu, ndipo musadule mawu monga muchitira ndi anzanu.

Zaka zanga zakubadwa, banja ndi mpingo ndizitchule?

Pokhapokha chilengezo chitafunsa, ayi. Lamulo la zantchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha zinthu monga chipembedzo, kukhala pabanja kapena udindo wosamala abale, ndiye palibe chifukwa chodziikira nokha zimenezi pa sikelo. Zimasiyana ngati mukufunsira ku sukulu kapena chipatala cha mpingo chimene chapempha kalata yochokera kwa abusa. Pamenepo perekani chimene apempha.

Ndikufunsira kunja, ku Joni kapena ku Mangalande. Chisinthenso n'chiyani?

Wowerenga kumeneko mwina MSCE sakuidziwa. Musaisinthe dzina kuti ifanane ndi satifiketi ya kwawoko. Lembani dzina lake lonse, ndipo muwonjezere mawu ochepa onena kuti ndi mayeso otsiriza a sekondale ku Malawi. Kufananitsa masatifiketi kuli ndi eni ake: ku South Africa ndi SAQA, ku Britain ndi UK ENIC. Mchinji nayenso muwauze kuti ali ku Malawi, ndipo matumba aja munene kuti ndi a makilogalamu 50, chifukwa amene sanagulepo feteleza kuno sangadziwe kuti 600 ndi katundu wochuluka bwanji. Nambala ya foni iyambe ndi +265 ngati mukadali kumudzi. Ku Britain makamaka, kalata imayembekezeka kulunjika pa mfundo, ndipo chithunzi ndi tsiku lobadwa sizifunika.

Ndi zolakwa ziti zimene zimatsalira ndikasintha kalata?

Chachikulu ndi dzina la olemba ntchito oyamba kutsalira pakati pa kalata. Keyala mwasintha, mutu mwasintha, koma m'ndime yachitatu mukunenabe kuti mukufunitsitsa kutumikira khonsolo, pamene kalata ikupita ku bungwe. Diso la wolemba silichiona chifukwa lazolowera. Mu Word dinani `Ctrl+F`, mufufuze dzina lakalelo, dzina la ntchito yakale, ndi dzina la nyuzipepala. Onaninso tsiku la pamwamba, ndiponso ngati mawu otsekera akugwirizanabe ndi malonje, chifukwa mukachoka pa `Dear Sir/Madam` n'kutchula dzina la munthu, kumunsi nakonso kuyenera kusintha.

Sungani kalata imodzi yaikulu yokhala ndi mfundo zanu zonse, imene simuitumiza kwina kulikonse, ndipo iliyonse yotumiza ikhale ndi fayilo yakeyake. Potumiza pa imelo isandutseni PDF kuti mizere isasokonekere pa kompyuta ya wolandira, ndipo muitsegule kaye pa foni yanu muone ngati ikadali tsamba limodzi. Dzina la fayilo likhale dzina lanu ndi ntchito imene mukufunsira, ndipo pa mutu wa imelo mulembe ndendende zimene chilengezo chalamula, kuphatikizapo nambala ya chilengezo ngati anaipereka.